Lipoti la nkhani: kuthetsa mgwirizano wa intaneti wa miyezi 24 kutatsala miyezi 15

Mayi amene nkhani yawo ndikuifotokoza pano anabwera ku ofesi yathu yolangiza ogula atanyamula foni imene munali zithunzi za sikirini 63, komanso kalata imodzi yochokera ku kampani imene inkawapatsa intaneti. Kalatayo inkanena kuti pempho lawo lothetsa mgwirizano lalandiridwa, koma kuti ayenera kulipira ndalama za miyezi yonse 15 imene inatsala, kuphatikizapo bilu ya mwezi umodzi imene anali asanalipire. Mayiwa amagwira ntchito yowerengetsa ndalama za timabizinesi ting'onoting'ono ali kunyumba, ndipo ntchito yawo yambiri amaigwira madzulo, eni mabizinesi akatseka n'kuwatumizira mabuku. Sinditchula dzina lawo kapena la kampaniyo, chifukwa chimene ndikufuna kuonetsa ndi mmene umboni unasonkhanitsidwira ndiponso chifukwa chake umboni wina unagwira ntchito pamene wina unalibe mphamvu.

Zimene zinachitika ndisanalowererepo

Mgwirizano unali wa miyezi 24, wa intaneti ya m'nyumba yodzera pa netiweki ya 4G, ndipo kampani inawabwereka rauta imene inayenera kubwezedwa mgwirizano ukatha. Kwa miyezi 6 yoyambirira zonse zinkayenda bwino. M'mwezi wa 7 intaneti inayamba kuchedwa dzuwa likangolowa, moti misonkhano ya pavidiyo inkaduka, ndipo fayilo imene kale inkapita m'mphindi imodzi inkatha kotala la ola isanafike. Mayiwa anaimba foni ku kampani maulendo asanu m'miyezi itatu. Ulendo uliwonse ankauzidwa kuti azimitse rauta n'kuiyatsanso, kapena aiike pafupi ndi windo, ndipo ankachita zimenezo mokhulupirika koma osaona kusintha. Atatopa, analeka kulipira bilu ya mwezi wa 9 ndipo analemba imelo ya mizere inayi yonena kuti intaneti ndi yosathandiza ndipo sakuifunanso.

Mkwiyo wawo unali womveka, ndipo ine sindinakayikire ngakhale pang'ono kuti akunena zoona. Koma ndinayenera kuwauza tsiku lomwelo kuti mmene zinthu zinalili papepala, amene ankaoneka kuti waphwanya mgwirizano anali iwowo osati kampani. Kampani inali ndi umboni wosatsutsika woti bilu sinalipidwe, pamene iwo analibe chilichonse chosonyeza kuti kampaniyo yalephera kuchita chinthu chimene inalonjeza molemba. Chotero chinthu choyamba chimene tinachita, ngakhale chinawawawa mumtima, chinali kulipira bilu ija, n'kutumiza imelo yonena kuti akulipira pofuna kupewa ngongole basi, koma kulipirako sikukutanthauza kuti akhutira ndi ntchito ya kampani kapena kuti asiya dandaulo lawo. M'imelo yomweyo anabweza kaye pempho lawo lothetsa mgwirizano, chifukwa likanapitirira monga linalili, kampani ikanaliona ngati la munthu amene wangosintha maganizo, ndipo munthu wotero ndi amene chindapusa chimamugwera. Bilu yosalipidwa imapatsanso kampani mpata wodula intaneti, ndipo ikadulidwa simungayezenso chilichonse. Ikhozanso kupita kwa otolera ngongole n'kuipitsa mbiri ya munthu kwa obwereketsa ndalama.

Chimene kampani inalonjeza

Ndinawapempha kuti abweretse mapepala onse amene analandira tsiku losaina, osati tsamba losainidwa lokha. Chimene mayiwa ankakumbukira chinali liwiro la 40 Mbps limene anaona pa chikalata chotsatsa malonda. Titawerenga bwino, chikalatacho chinkati liwiro likhoza kufika mpaka 40 Mbps, ndipo mawu akuti "mpaka" amenewa sali lonjezo limene mungamange nalo kampani, chifukwa ngakhale liwiro la 2 Mbps silitsutsana nawo. Anthu ambiri amene amabwera kwa ife amakhazika dandaulo lawo lonse pa nambala ya pa malondayi, ndipo kampani imawayankha mosavuta.

Lonjezo lenileni tinalipeza pa tsamba lowonjezera, lolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono. Linkanena kuti pa adiresi imene yalembedwa mu mgwirizano, kampani ikutsimikiza liwiro lokopera zinthu losachepera 10 Mbps; kuti liwiro liyezedwe pa kompyuta yolumikizidwa ku rauta ndi chingwe; kuti wogula akadutsa mlingo wa data wa pamwezi kampani ili ndi ufulu wochepetsa liwiro; ndiponso kuti liwiro likamatsika kawirikawiri pansi pa mlingo wotsimikizidwawo, wogula adziwitse kampani molemba, ndipo ikalephera kukonza m'masiku 30, wogulayo akhoza kuthetsa mgwirizano popanda chindapusa. Ndime imodzi imeneyi ndi imene inatiuza ntchito yonse yotsatira: choyenera kuyeza, mmene tingayezere, chimene kampani idzanene podziteteza, ndi nthawi imene tiyenera kuipatsa.

Si mgwirizano uliwonse umene uli ndi ndime yotere, ndipo malamulo amasiyana dziko ndi dziko. M'mayiko a mu bungwe la European Union, lamulo la mu 2015 limakakamiza makampani a intaneti ya pachingwe kulemba mu mgwirizano liwiro lochepetsetsa, liwiro lopezeka nthawi zambiri, ndi liwiro lapamwamba, pamene pa intaneti ya m'mafoni limangofuna liwiro lapamwamba loyerekezera ndi lotsatsidwa. Ku Britain, makampani amene anasaina ndondomeko ya bungwe loyang'anira za mauthenga la Ofcom amalola wogula kutuluka popanda chindapusa ngati liwiro lakhala pansi pa lotsimikizidwa ndipo silinakonzedwe m'masiku 30. Kumene kulibe zotere, munthu amadalira mfundo yodziwika ya malamulo a migwirizano, yakuti mbali imodzi ikalephera kwambiri pa chinthu chenicheni chimene munagwirizana, mbali inayo ikhoza kuthetsa mgwirizano. Njira imeneyi ndi yovutirapo chifukwa muyenera kutsimikiza kuti kulepherako n'kwakukulu ndipo n'kopitirira, koma umboni umene imafuna ndi womwewo umene ndikufotokoza pansipa.

Chifukwa chake zithunzi 63 zija sindinazigwiritse ntchito

Tinakhala pansi n'kuyang'ana zithunzi zija chimodzichimodzi, ndipo mayiwa ankaoneka kuti akuyembekeza kuti ndinena kuti nkhani yatha. Pafupifupi zonse zinatengedwa pa foni yolumikizidwa ndi wayifayi, zambiri ali kuchipinda chogona kumene kuli makoma awiri kuchokera pamene panali rauta. Muyezo wotere umaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana, ndizo mphamvu ya intaneti imene ikufika pa rauta ndi mphamvu ya wayifayi m'kati mwa nyumba, ndipo kampani imangoyankha pa choyambacho. Munthu wa ku kampani akaona chizindikiro cha wayifayi pamwamba pa chithunzi, amangonena kuti vuto ndi makoma, mtunda, kapena foni yakale, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona. Zithunzi zambiri zinalinso zoduladula, zongoonetsa nambala ya liwiro popanda tsiku kapena nthawi, moti palibe amene akanadziwa ngati zinatengedwa usiku umodzi kapena m'miyezi itatu.

Panali zithunzi zina 7 zimene zinali zoopsa kwa mayiwa iwo eni. Zinkaonetsa fayilo ikukopedwa pa liwiro la 1.5 MB/s, ndipo iwo anazisunga poganiza kuti zikusonyeza 1.5 m'malo mwa 10. Koma MB/s ndi mamegabaiti pa sekondi, pamene Mbps ndi mamegabiti pa sekondi, ndipo baiti imodzi ili ndi mabiti 8. Kuchulukitsa 1.5 ndi 8 kumapereka 12 Mbps, kutanthauza kuti pa nthawi imene zithunzizo zinatengedwa kampani inali ikukwaniritsa lonjezo lake. Tikanazitumiza monga umboni wa kulephera, tikanapatsa kampani chifukwa chokayikira mapepala athu ena onse. Mayiwa anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti miyezi itatu yonseyi ndinkangotaya nthawi?" Ndinawayankha kuti zithunzizo zatithandiza kudziwa kuti vuto limakula madzulo, ndipo zimenezi ndi zimene zititsogolere poyeza mwatsopano.

Mmene tinayezera mwatsopano

Ndondomeko imene ndinawapatsa ndinaitengera pa imene bungwe loyang'anira za mauthenga ku Germany limagwiritsa ntchito pa intaneti ya m'nyumba, yomwe imafuna miyezo 30 yogawidwa pa masiku atatu osiyana, kompyuta italumikizidwa ndi chingwe. Ndondomekoyo si lamulo kwina kulikonse, koma ndimaikonda chifukwa ndi yokwanira kuonetsa kuti vuto si la tsiku limodzi, komanso si yolemetsa kwa munthu amene ali ndi ntchito zina. Tinasankha Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, ndipo tsiku lililonse mayiwa ankayeza kawiri m'bandakucha, katatu masana, ndi kasanu pakati pa 6 koloko ndi 10 koloko usiku.

Asanayambe muyezo uliwonse ankalumikiza laputopu ku rauta ndi chingwe, n'kuzimitsa wayifayi ya pa rauta kuti pasakhale foni kapena kanema wina m'nyumba amene akudya intaneti mwakachetechete. Ankatseka mapulogalamu onse amene amakopa kapena kutumiza mafayilo okha, ndipo ankagwiritsa ntchito tsamba limodzimodzi loyezera liwiro, osasintha seva imene akuyezerako. Chithunzi chilichonse chinkatengedwa cha sikirini yonse, kuti wotchi ndi tsiku za pakona pa kompyuta zioneke pamodzi ndi chizindikiro chosonyeza kuti kompyutayo ili pa chingwe. Ndinawauza mwamphamvu kuti asafufute muyezo uliwonse umene watuluka bwino. Anthu amakopeka kuti asunge miyezo yoipa yokhayokha, koma kampani ili ndi zolemba zake za mmene mzere wanu ukuyendera, ndipo ikaona kuti mwabisa nthawi zabwino imasiya kukhulupirira tebulo lonse. Pa nkhani iyi miyezo yabwinoyo ndi imene inadzakhala umboni wamphamvu koposa.

Kuwonjezera pa liwiro, ankayeza zinthu zina ziwiri. Choyamba chinali kuona ngati timitolo ta data tikutayika panjira, pogwiritsa ntchito malamulo awiri awa pa Windows:

```
ping -n 100 192.168.1.1
ping -n 100 8.8.8.8
```

Lamulo loyamba limatumiza timitolo 100 ku rauta ya m'nyumba momwemo, pa adiresi imene rauta yawo inkagwiritsa ntchito, ndipo lachiwiri limatumiza timitolo 100 ku seva yakunja kudzera pa netiweki ya kampani. Pamapeto kompyuta imalemba kuchuluka kwa timitolo totayika ndi nthawi imene timatenga kupita ndi kubwera. Ngati loyamba likutuluka bwino pamene lachiwiri likutaya timitolo, ndiye kuti chingwe, laputopu ndi polowetsa chingwe pa rauta zili bwino, ndipo vuto lili penapake pakati pa rauta ndi seva yakunjayo. Chachiwiri chinali kulowa pa tsamba la rauta n'kulemba nambala yotchedwa RSRP, imene imasonyeza mphamvu ya siginolo yochokera ku nsanja ya netiweki. Nambalayi imalembedwa mu dBm ndipo imakhala ndi chizindikiro chochotsera. Ikakhala cha m'ma -80 siginolo ndi yabwino, ikatsika kupitirira -110 ndiye kuti ndi yofooka.

Zotsatira zinali zomveka kwa aliyense woziwerenga. Miyezo yonse 6 ya m'bandakucha inali pakati pa 31 ndi 36 Mbps, popanda kamtolo kotayika. Pa miyezo 9 ya masana, 5 inali pansi pa 10 Mbps ndipo 4 inali pamwamba pang'ono. Miyezo yonse 15 ya usiku inali pakati pa 0.8 ndi 3 Mbps, ndipo usiku wa Lachitatu timitolo 18 pa 100 topita ku seva yakunja tinatayika, pamene topita ku rauta tinafika tonse. Pamodzi, miyezo 20 pa 30 inali pansi pa lonjezo. Pa nthawi yonseyi RSRP inkangosinthasintha pakati pa -84 ndi -87 dBm, m'mawa ndi usiku chimodzimodzi.

Mfundo yomalizayi ndi imene inatseka khomo limene kampani inkathawirako maulendo asanu aja. Rauta yomweyo, ili pa malo omwewo, ndi laputopu yomweyo ndi siginolo yofanana, inkapereka 35 Mbps m'bandakucha ndi 1 Mbps usiku. Zimenezi sizingafotokozedwe ndi khoma, windo kapena chipangizo chowonongeka, chifukwa zinthu zimenezo sizidziwa kuti tsopano kwada. Chimene chimasintha malinga ndi nthawi ndi kuchuluka kwa anthu amene akugawana nsanja imodzi kapena mzere umene umailumikiza ndi netiweki yonse. M'kalata sindinalembe kuti nsanja yadzaza, chifukwa ine sindingaone m'kati mwa netiweki ya kampani ndipo si udindo wa wogula kutchula chimene chawonongeka. Ndinangolemba kuti miyezo ikusonyeza kuti vuto silili m'nyumba ya wogula, ndipo kufotokoza gwero lake kuli kwa kampani.

Panatsala chodzitetezera chimodzi, chija cha mlingo wa data. Mayiwa analowa mu akaunti yawo n'kukopa malipoti a kagwiritsidwe ntchito a miyezi itatu, ndipo m'mwezi uliwonse anali asanafike ngakhale theka la mlingo wawo. Pepala limeneli anthu ambiri amaliiwala, koma popanda ilo kampani ikhoza kungonena kuti inachepetsa liwiro mwadala monga mgwirizano ukulolera.

Mafoni asanu aja

Mayiwa anali otsimikiza kuti anadandaula kasanu, koma anali ndi nambala ya dandaulo imodzi yokha, imene anailemba kuseri kwa envulopu. Tinapeza masiku ndi utali wa mafoni onse asanu mu mbiri ya mafoni pa foni yawo, ndipo m'mauthenga akale tinapeza mauthenga atatu ochokera ku kampani, uliwonse wokhala ndi nambala ya dandaulo ndi mawu akuti vuto lanu lathetsedwa. Iwo sanayankhepo mauthengawo, poganiza kuti ndi ongotumizidwa ndi makina. Ndi a makina ndithu, koma m'kaundula wa kampani amatanthauza kuti dandaulo linatsekedwa ndipo wogula sanatsutse, moti munthu woyang'ana kaundulayo amaona mavuto ang'onoang'ono atatu amene anatha, osati vuto limodzi la miyezi itatu. Kuyambira pamenepo mayiwa ankayankha uthenga uliwonse wotere tsiku lomwelo, molemba, kuti vuto silinathe ndipo dandaulo litsegulidwenso pa nambala yomweyo. Tinapemphanso kampani molemba kuti itipatse mndandanda wa madandaulo onse a pa akauntiyo.

Kalata yoyamba, ndi cholakwa changa

Kalata yoyamba sinali yothetsa mgwirizano, koma yodziwitsa kampani za kulephera kwake ndi kuipatsa nthawi yokonza. Apa ndinalakwitsa, ndipo ndikuona kuti n'koyenera kutchula. Polemba koyamba ndinaika masiku 14, chifukwa ndi nthawi imene ndinazolowera kuika pa nkhani zimene mgwirizano sunena kanthu. Ndikuwerenganso ndime ija ndisanatumize, ndinaona kuti mgwirizanowu unapatsa kampani masiku 30. Tikanathetsa pa tsiku la 15, kampani ikanakhala ndi ufulu wonena kuti wogula sanatsatire ndondomeko imene anasainira, ndipo chindapusa cha miyezi yotsala chikanabwerera ngakhale miyezo yathu inali yabwino chotani. Nthawi imene mgwirizano watchula ndi imene imalamulira, ndipo imayamba kuwerengedwa pamene kampani yalandira kalata, osati pamene inu mwailemba.

Kalatayo inali ya tsamba limodzi. Inatchula nambala ya akaunti ndi adiresi, inakopera mawu a ndime ya liwiro monga alili, inanena m'chiganizo chimodzi kuti pa miyezo 30 yotengedwa pa chingwe 20 inali pansi pa 10 Mbps, inatchula manambala a madandaulo akale, ndipo inamaliza ndi kunena kuti ngati vutoli silikonzedwa m'masiku 30 wogula adzathetsa mgwirizano popanda chindapusa motsatira ndimeyo. Sinanene kanthu za kukhumudwa kwa mayiwa kapena za khalidwe la olandira mafoni, ngakhale iwo ankafuna kuti zimenezo zilembedwe, chifukwa mawu otero amapatsa woyankha chinthu chopepesapo m'malo mwa chinthu choti ayankhe.

Zophatikiza tinazipatsa manambala kuti kalata izilozera mwachindunji. Choyamba chinali tsamba losainidwa pamodzi ndi tsamba lowonjezera, ndime ya liwiro itadulidwa mzere kunsi. Chachiwiri chinali tebulo la tsamba limodzi la miyezo yonse 30, losonyeza tsiku, nthawi, liwiro, timitolo totayika ndi RSRP, ndipo pansi pake panali ndime yaifupi yofotokoza mmene miyezoyo inatengedwera. Zithunzi za sikirini zinabwera kumbuyo kwa tebulo motsatana ndi mizere yake, chifukwa munthu wa ku kampani amawerenga tebulo, ndipo zithunzi amangoziyang'ana pofuna kutsimikiza mzere umodzi kapena iwiri. Kenako panabwera malipoti a data a miyezi itatu, mndandanda wa madandaulo ndi mauthenga ake, ndi marisiti osonyeza kuti akaunti ilibe ngongole. Tinatumiza makope okha, mapepala enieni n'kutsala ndi mayiwa. Kalata inapita pa adiresi ya imelo imene mgwirizano unatchula kuti ndi yolandirira zidziwitso, ndipo kope lina mayiwa anakalipereka pamanja n'kupempha kuti adinde chidindo cha tsiku pa kope lawo.

Masiku 30, ndi kalata yachiwiri

Pa tsiku la 11 kampani inatumiza katswiri, ndipo ndinali nditawauziratu mayiwa kuti amulandire ndi kumulola kuchita chilichonse chimene akufuna, chifukwa wogula amene wakana kukonzeredwa sanganene kuti kampani yalephera kukonza. Katswiriyo anabwera cha m'ma 10 koloko m'mawa, anasintha rauta, anayeza n'kupeza 14 Mbps, ndipo anapereka fomu yoti mayiwa asaine kuti ntchito yatha. Iwo anasaina, koma analemba pamwamba pa siginecha yawo kuti akuvomereza kuti rauta yasinthidwa, ndipo kuti vuto la madzulo silinayezedwe, kenako anajambula fomuyo asanaibweze. Usiku womwewo rauta yatsopano inapereka 2 Mbps.

Pa tsiku la 19 kampani inaimba foni n'kunena kuti ikhoza kuchotsera mayiwa theka la bilu kwa miyezi itatu. Anandifunsa maganizo, ndipo ndinawauza kuti chisankho n'chawo, koma afunse molemba ngati kulandira kuchotserako kukutseka dandaulo kapena kukuyambitsa nthawi yatsopano ya mgwirizano. Yankho linabwera lakuti kuchotserako n'kothetsa nkhani yonse, ndipo iwo anakana mwaulemu, chifukwa chimene ankafuna si intaneti yotsika mtengo koma yogwira ntchito usiku.

M'sabata yomaliza ya masiku 30 aja anabwerezanso miyezo 30 mwa ndondomeko yomwe ija pa rauta yatsopano, ndipo 19 inali pansi pa 10 Mbps, kuphatikizapo yonse ya usiku. Miyezo yachiwiriyi ndi yofunika ngati yoyamba, chifukwa ufulu wothetsa mgwirizano sunachokere pa kuchedwa kwa intaneti kokha, koma pa kuchedwa kumene kwapitirira mpaka kumapeto kwa nthawi yokonza. Pa tsiku la 32 tinatumiza kalata yachiwiri. Sinali yopempha chilolezo. Inkadziwitsa kuti wogula akuthetsa mgwirizano motsatira ndime yakutiyakuti kuyambira tsiku lotchulidwa, inapempha kalata yotsimikiza kuti palibe chindapusa, inafunsa malo ndi njira yobwezera rauta, ndipo inanena kuti ngati kampani ikukana, ipereke yankho lake lomaliza molemba kuti nkhani ipite ku bungwe la boma loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti. Mabungwe otere kawirikawiri salandira dandaulo limene silinadutse kaye mu ndondomeko ya kampani, choncho kalata yokana imakhala chiphaso cholowera kumeneko. Sitinadikire nthawi yaitali masiku 30 atatha, chifukwa munthu akapitiriza kugwiritsa ntchito ndi kulipira kwa miyezi ingapo osanena kanthu, kampani ikhoza kunena kuti anavomereza mmene zinthu zilili.

Zotsatira

Yankho loyamba linali bilu yotuluka m'makina yokhala ndi chindapusa chonse. Mayiwa anaiyankha tsiku lomwelo, akulozera ku makalata awiri aja, ndipo patapita masiku 9 nthambi yoona za madandaulo inalemba kuti mgwirizano wathetsedwa popanda chindapusa. Kampani sinavomere poyera kuti inalephera, inangoti yachita izi pofuna kusunga ubale wabwino, ndipo ndinalangiza mayiwa kuti asalimbane ndi mawuwo malinga ngati kalatayo ikunena momveka kuti palibe ndalama yotsala. Tinapemphanso kuti abwezeredwe gawo la ndalama za miyezi yonse imene intaneti inali yoipa, koma kampani inangobweza theka la bilu ya nthawi yoyambira pa kalata yathu yoyamba. Ndikuona kuti pa mfundo imeneyi inali ndi poimira, chifukwa za miyezi itatu yoyambayo tinalibe muyezo ngakhale umodzi wotengedwa monga mgwirizano unanenera.

Mayiwa ankafunanso chipukutamisozi chifukwa makasitomala awiri anawasiya pa nthawiyo. Ndinawauza kuti sindikuona mwayi, popeza mgwirizano wawo unali wa intaneti ya pakhomo osati ya bizinesi, ndipo unali ndi ndime yochotsa udindo wa kampani pa phindu lotayika. Zinandipweteka kuwauza zimenezi, chifukwa kutayika kumeneko ndi kumene kunawakhudza kwambiri kuposa bilu, koma kuika pempho lofooka m'kalata kukanangotalikitsa nkhani imene inali itatsala pang'ono kutha.

Kukanakhala kuti ndi mgwirizano wa foni ya m'manja, zina zikanasintha. Migwirizano yotere kawirikawiri sitsimikiza liwiro pa malo amodzi, choncho umboni umakhala kaundula wa mafoni oduka kapena okana kulowa, wolembedwa tsiku, nthawi ndi malo, pamodzi ndi chithunzi cha mapu a kampani osonyeza kuti malowo ali ndi netiweki, komanso kuyesa simukhadi yomweyo mu foni ina kuti zioneke kuti vuto si chipangizo. Ngati foni inatengedwa pa ngongole limodzi ndi mgwirizano, ndalama yotsala ya foniyo nthawi zambiri imalipidwabe ngakhale chindapusa cha mgwirizano chitachotsedwa, ndipo wofuna kusunga nambala yake afunse za kuisamutsa mzere usanatsekedwe.

Pobweza rauta, mayiwa anaijambula pamodzi ndi chingwe chake cha magetsi, nambala ya siriyo ya kunsi kwake ikuoneka, ndipo analandira risiti yokhala ndi nambala yomweyo. Analetsa lamulo la ku banki lolipira bilu mwezi ndi mwezi pokhapokha bilu yomaliza italipidwa. Patapita milungu isanu kunabwera uthenga wonena kuti rauta sinabwezedwe ndipo alipire mtengo wake. Anatumiza chithunzi cha risiti ija, ndipo patatha masiku awiri analandira sitetimenti yosonyeza kuti akaunti yatsekedwa ndipo palibe ngongole. Fayilo tinaitseka sitetimenti imeneyo italowa.